Milomo patsogolo, mawu pambuyo: fizikisi ya mahedifoni opanda waya m'ndege

Ndege zambiri zoyenda maulendo ataliatali zimakhala ndi kasikirini kumbuyo kwa mpando uliwonse, koti munthu aziwonerapo mafilimu. Pansi pa kasikiriniko, kapena pamalo otsamiritsa mkono, pamakhala kabowo kolowetsapo waya wa mahedifoni. Ndiye taganizani munthu amene wakwera ndege ku Addis Ababa kupita ku London, ulendo wa maola oposa 7, ali ndi mahedifoni ake abwino opanda waya. Mahedifoniwo alibe pulagi yolowetsa m'kabowoko, ndipo sikirini zambiri za pamipando, makamaka m'ndege zakale, zilibe Bluetooth. Zinthu ziwirizi sizingalankhulane.

Pali kachipangizo kamene kamaima pakati pa ziwirizi. Ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kali ndi batire yakeyake, batani limodzi kapena awiri, kagetsi kothwanima ndi kawaya kafupi kokhala ndi pulagi. Dzina lake ndi thiransimita ya Bluetooth, kutanthauza chotumizira mawu pa mafunde a wailesi. Kamodzi kodziwika bwino pakati pa apaulendo ndi AirFly, kopangidwa ndi kampani ya Twelve South, koma mitundu ilipo yambiri.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simunakwerepo ndege, ndipo palibe chifukwa chodandaulira. Kachipangizo komweka kamagwira ntchito pa wailesi yakanema yakale ya kunyumba, pa wailesi ya agogo, pa kompyuta ya kusukulu, paliponse pali kabowo ka mahedifoni. Ndasankha mpando wa m'ndege chifukwa ndi pamene vuto limodzi losangalatsa limaonekera poyera: munthu wa mufilimu amatsegula kamwa, mawu ake n'kubwera pambuyo. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuwatsata mawuwo ulendo wonse, kuchokera m'kabowo mpaka m'khutu.

M'kabowo mumatuluka chiyani?

M'kabowomo simutuluka mawu. Mumatuluka magetsi. Ndi voteji yaing'ono, kawirikawiri yosafika pa volti imodzi kapena ziwiri, imene imakwera ndi kutsika motsanzira kunjenjemera kwa mpweya kumene timakutcha mawu. Ngati woimba akuimba liwu limene limanjenjemeretsa mpweya ka 440 pa sekondi, votejiyo nayo imakwera ndi kutsika ka 440 pa sekondi. Mahedifoni a waya amangotenga magetsiwa n'kuwadutsitsa m'kakoyilo kamene kali pafupi ndi maginito. Kakoyiloko kamakankhidwa ndi kukokedwa, kamagwedeza kachikopa kopyapyala, ndipo mpweya wa m'khutu mwanu umayamba kunjenjemera. Ndi nkhani yomwe ija ya waya wonyamula magetsi ali pakati pa maginito, imene timaphunzira m'kalasi. Chizindikiro chotere, chimene chimasintha mosadukiza ngati mmene mawu enieniwo akusinthira, timachitcha cha analogi.

Tengani pulagi ya mahedifoni muiyang'ane bwino. Ndi ya mamilimita 3.5 kunenepa kwake, ndipo chitsulo chake chagawidwa patatu ndi timizere tiwiri takuda. Nsonga imanyamula mawu a khutu la kumanzere, chigawo chapakati mawu a khutu la kumanja, ndipo tsinde ndi njira yobwerera ya magetsi a mbali zonse ziwiri. Mukukumbukira kuti magetsi sayenda ngati dera lake silili lotseka, eti? Tsindelo ndi limene limatseka dera.

Apa ndi pamene apaulendo ambiri amakhumudwa koyamba. Ndege zina zakale zili ndi mabowo awiri oyandikana m'malo mwa limodzi. Bowo lina ndi la khutu la kumanzere lokha, linalo la kumanja lokha. Mukalowetsa pulagi ya thiransimita m'bowo limodzi, mumamva mbali imodzi basi, ndipo mwina n'kuyamba kunena kuti mahedifoni afa. Sanafe. Chofunika ndi adaputa ya mano awiri, kachipangizo kotchipa kamene kamalowa m'mabowo onse awiri n'kuwaphatikiza kukhala bowo limodzi la masiku onse. Mathiransimita ena amabwera nayo m'bokosi. Kumva mbali imodzi kumachitikanso ngati pulagi sinalowe yonse, choncho musanaganize zambiri, yambani mwaikankha mpaka imveke kuti yakhala.

Kusandutsa mafunde kukhala manambala

Bluetooth sinyamula voteji yokwera ndi kutsika ija. Imanyamula manambala. Ndiye ntchito yoyamba ya thiransimita ndi kuyeza votejiyo pafupipafupi n'kumalemba kukula kwake monga nambala. Zili ngati mwana amene wapatsidwa ntchito yoyeza kuya kwa madzi mumtsinje n'kumalemba m'kope. Akamayeza kamodzi pa mwezi, chigumula chimabwera n'kupita iye osachiona. Akamayeza ola lililonse, kope lake limasonyeza bwino mmene madzi anakwerera ndi kutsika.

Nanga mawu tiziwayeza kangati? Khutu la wachinyamata ngati inu limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz mpaka 20,000 Hz (ife akuluakulu malire a pamwambawo amanka natsika). Pali lamulo la masamu lotchedwa ndi dzina la Harry Nyquist limene limati, kuti funde lisasokonekere, tiyenera kuliyeza mowirikiza kuposa kawiri kunjenjemera kwake. Kawiri ka 20,000 ndi 40,000. N'chifukwa chake nyimbo za pa CD zimayezedwa ka 44,100 pa sekondi, kuti pakhale kampata kowonjezera. Muyezo uliwonse umalembedwa ndi mabiti 16, ndiko kuti timanambala ta 0 ndi 1 tokwana 16, ndipo makutu ndi awiri. Tiyeni tiwerengetse:

```
44,100 × 16 × 2 = 1,411,200 bit/s
```

Mabiti oposa 1.4 miliyoni pa sekondi iliyonse. Katundu ameneyu ndi wolemera kwa Bluetooth, chifukwa njira yake ndi yopapatiza ndipo pamafunika kusiya malo otumiziranso zimene zatayika panjira. Choncho thiransimita imayamba yaufinya katunduyo. Ndondomeko yofinyira mawu ndi kuwafunyululanso imatchedwa kodeki. Kodeki imene chipangizo chilichonse chomvera nyimbo pa Bluetooth chimayenera kuidziwa ndi SBC, ndipo ikamagwira ntchito pa mlingo wake wapamwamba imatumiza mabiti 328,000 pa sekondi. Gawani 1,411,200 ndi 328,000, mupeza 4.3. Ndiye kuti pa magawo anayi a katundu uja, oposa atatu atsala. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri samva kusiyana kwenikweni, makamaka m'ndege momwe injini zikulira, chifukwa kodeki imasunga mosamala zimene zikumveka kwambiri, n'kulemba mwachidule tizigawo tofooka timene khutu silikanatizindikira.

Sungani mawu akuti kodeki. Tibwereranso kwa iwo.

Ulendo wa mumlengalenga

Manambala ofinyidwawo amamangidwa m'timitolo, n'kutumizidwa pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz. Kutalika kwa funde limodzi mungakupeze nokha ndi fomula ya m'buku lanu:

```
λ = v / f = (3 × 10^8) / (2.4 × 10^9) = 0.125 m
```

Masentimita 12.5, kufupikirapo kuposa bolopeni. Funde lalifupi limafuna mlongoti waufupi, n'chifukwa chake mlongoti wa Bluetooth umakwana m'kanthu kolowa m'khutu, pamene wailesi ya FM, imene mafunde ake amatalika pafupifupi mamita atatu, imafuna kandodo kosolola kaja. Mphamvu yakenso ndi yochepa zedi. Zipangizo zambiri zing'onozing'ono zimatumiza ndi mphamvu yosaposa mamiliwati 2.5, yokwanira kufika pafupifupi mamita 10.

Mwina wina afunse kuti: "Aphunzitsi, ngati m'ndegemo muli anthu 50 onse ali ndi Bluetooth, mawu sangasakanikirane?" Funso labwino. Bluetooth imagawa dera lake, kuyambira 2402 MHz mpaka 2480 MHz, m'tinjira 79, kalikonse ka 1 MHz. Thiransimita ndi mahedifoni anu sizikhala pa kanjira kamodzi. Zimadumpha kuchoka pa kanjira kena kupita pa kena, mpaka ka 1,600 pa sekondi, motsatira ndondomeko imene ziwirizo zokha zagwirizana. Zipangizo za mnzanu wa mpando wina zikudumphanso, koma mwa ndondomeko ina. Nthawi zina mumagwera pa kanjira kamodzi pa nthawi imodzi, mtolo umodzi n'kuwonongeka. Zikatero mahedifoni savomereza kuti alandira, ndipo thiransimita imautumizanso mtolowo pa kanjira kena.

Palinso china chimene chimataya mitolo, ndipo ndi thupi lanu lomwe. Madzi amamwa mafunde a 2.4 GHz, ndipo thupi la munthu lili ndi madzi ambiri. Ngati kabowo kali pambali pa mpando ndipo thiransimita yapanikizika pakati pa ntchafu yanu ndi chitsulo cha mpando, mawu angayambe kudukaduka ngakhale mtunda wake sukukwana mita. Mankhwala ake ndi kungoitulutsa kuti ilendewere poyera. Mukamva mawu akuduka mukatembenuza mutu kapena mukatsamira mbali imodzi, dziwani kuti vuto si batire kapena filimu, ndi chimene chatchinga pakati.

Nthawi imatayika pati?

Tsopano tafika pamtima pa nkhani. Mwalumikiza zonse, filimu yayamba, mawu akumveka bwino m'makutu onse awiri. Koma pali chinachake chosakhala bwino. Munthu akumenyetsa chitseko, chitseko chatsekeka, kenako ndi pamene mukumva kuti phwa! Akamalankhula, milomo ikutsogola, mawu akutsatira.

Ndikawafunsa ophunzira anga chifukwa chake, yankho loyamba limakhala lakuti mafunde a wailesi amachedwa poyerekeza ndi waya. Tiyeni tiliyese yankholi ndi masamu. Kuchokera pa thiransimita kufika m'khutu ndi pafupifupi mita imodzi, ndipo mafunde a wailesi amathamanga pa liwiro la kuwala:

```
t = d / v = 1 / (3 × 10^8) = 0.0000000033 s
```

Nthawi imeneyi ndi yochepa moti palibe khutu kapena diso limene lingaizindikire. Koma kuchedwa kumene anthu amakumana nako ndi SBC kumakhala pakati pa mamilisekondi 150 ndi 250, malinga ndi zipangizo zake. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Tikatenga 200 ngati chitsanzo, ndiye kuti 0.2 s, nthawi yochuluka ka 60 miliyoni kuposa imene funde limatha mumlengalenga. Funde lilibe mlandu.

Nthawi imatayika podikira. Kodeki singafinye muyezo umodzi pawokha, imayamba yasonkhanitsa gulu la miyezo kenako n'kulifinya pamodzi. Magulu angapo amadikirananso kuti adzaze mtolo, monga minibasi imene sinyamuka isanadzaze. Kudikira konseku kumadya mamilisekondi angapo. Koma gawo lalikulu limatayika kumapeto, mkati mwa mahedifoni momwemo.

Taganizani nyumba ya m'tauni kumene madzi a m'mipope amabwera modukiza. Mwini nyumba amaika thanki pamwamba. Madzi akabwera amayamba alowa m'thanki, ndipo a m'nyumba amatunga kuchokera m'thankimo. Madzi akasiya kwa kanthawi, m'nyumba sadziwa n'komwe. Koma madzi amene mukusamba panopa si amene alowa panopa, ndi amene analowa kale. Mahedifoni nawo ali ndi kathanki ka manambala, kamene akatswiri amakatcha bafa. Popeza mitolo ina imatayika n'kutumizidwanso, siifika mwa dongosolo lofanana. Mahedifoni akanati aziimba mtolo uliwonse pomwe wafikapo, mawu akanamadukaduka. Ndiye amayamba asunga mawu okwanira kagawo ka sekondi asanayambe kuimba. Thanki ikakula, mawu saduka koma amachedwa kwambiri. Ikachepa, amafulumira koma amaduka msanga pakakhala chosokoneza. Opanga zipangizo amasankha pakati pa ziwirizi, ndipo ambiri amasankha thanki yaikulu, chifukwa munthu womvera nyimbo sadandaula ngati nyimbo yayamba mochedwa ndi 0.2 s, koma amadandaula ikaduka.

Kodi mamilisekondi 200 ndi ambiri? Tiwaone m'njira ziwiri. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, choncho chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi pafupifupi 42. Gawani 200 ndi 42, mupeza kuti mawu atsalira ndi zithunzi pafupifupi zisanu.

Njira yachiwiri ndi imene ndimaikonda. Munaonapo mayi akusinja chimanga muli chapatali? Mumaona munsi ukugwera mumtondo, kenako ndi pamene mumamva kugunda kwake. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma mawu amayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi. Ndiye kuchedwa kwa 0.2 s n'kofanana ndi mtunda wanji?

```
d = v × t = 340 × 0.2 = 68 m
```

Mamita 68, pafupifupi m'lifupi mwa bwalo la mpira. Maso akukuuzani kuti munthuyu ali pamphuno panu penipeni, makutu akukuuzani kuti ali kutsidya kwa bwalo. Ubongo umakana.

Koma sukana msanga, ndipo mtondo womwewo ukutiuza chifukwa chake. Kuyambira tili makanda tinazolowera kuti mawu amabwera pambuyo pa chimene taona, choncho ubongo umakhululuka kuchedwa pang'ono. Bungwe la ITU, limene limaona za mauthenga a pa wailesi padziko lonse, lili ndi muyezo wonena kuti anthu amayamba kuzindikira vuto mawu akatsalira ndi mamilisekondi pafupifupi 125, koma akatsogola amazindikira pa mamilisekondi 45 okha. Mwaona kusiyanako? Mawu otsogola chithunzi sachitika m'chilengedwe, ndiye timawagwira msanga. Kwa ife chofunika ndi nambala ya 125. Kuchedwa kwa 200 kwaidutsa, n'chifukwa chake kumaoneka. Kukanakhala 40, simukanadziwa n'komwe.

Nanga bwanji pa foni sizichitika?

Wina anena kuti: "Koma ine ndimaonera mavidiyo pa foni ndi mahedifoni a Bluetooth, milomo ndi mawu zimayendera limodzi." N'zoona. Mawu amachedwa chimodzimodzi, kungoti foni imabisa. Foniyo ikudziwa kuti mawu akudutsa pa Bluetooth, ndipo ndi yomweyo imene ikuonetsa zithunzi. Ndiye imachedwetsa dala zithunzi kuti zidikire mawu. Zonse ziwiri zimachedwa mofanana, inu osazindikira kanthu. Umboni wake mungaupeze pa magemu a pa foni: pamenepo foni singachedwetse chithunzi chifukwa chikutsatira chala chanu, ndipo kuchedwa kwa mawu kumamveka bwinobwino.

Sikirini ya pampando ilibe mwayi umenewu. Iyo ikungotulutsa voteji m'kabowo, ndipo ikuyesa kuti kumapeto kwa pulagi kuli mahedifoni a waya. Palibe njira yoti thiransimita iiuze kuti, "Dikirani pang'ono, mawu akubwera." Zithunzi zimapita pa nthawi yake, mawu n'kutsalira.

Chotsala ndi kuchepetsa kuchedwako, ndipo apa tabwerera ku kodeki. Pali kodeki yotchedwa aptX Low Latency imene inapangidwira vuto lomweli, ndipo imatsitsa kuchedwa kufika pa mamilisekondi pafupifupi 40. Pa masamu athu aja, 340 × 0.04 ndi mamita 13.6, ngati munthu akulankhula kuchokera kumapeto kwa kalasi yaikulu. Palibe amene angadandaule.

Koma chenjerani ndi zolembedwa pa bokosi. Kodeki ili ngati chilankhulo: imagwira ntchito pokhapokha mbali zonse ziwiri zikuidziwa. Zipangizo zikalumikizana zimayamba zafunsana makodeki amene zikudziwa, n'kusankha imene ili kwa onse. Tiyerekeze kuti mwagula thiransimita yolembedwa aptX Low Latency, koma mahedifoni anu ndi AirPods. Mahedifoni amenewa amadziwa SBC ndi AAC, aptX saidziwa. Ngati thiransimitayo ilibe AAC, ziwirizi zigwirizana pa SBC, ndipo kuchedwa kuja kudzakhalapobe ngakhale munalipira ndalama zambiri. Ine ndikanati ndikulangize munthu amene akufuna kugula, ndikanamuuza kuti ayambe waona makodeki a mahedifoni amene ali nawo kale. Ngati alibe kodeki yofulumira, kulipirira thiransimita yodula chifukwa cha mawu awiri aja pa bokosi n'kutaya ndalama. Mathiransimita ena ali ndi kagetsi kosonyeza kodeki imene yasankhidwa, ndipo kagetsiko n'kothandiza kuposa malonjezo a wogulitsa.

Kulumikiza kwake

Foni ili ndi sikirini yosonyeza mayina a zipangizo zapafupi, inu n'kusankhapo. Thiransimita zambiri zilibe. Mukaiika pa kusaka, imangogwira mahedifoni oyamba amene yawapeza ali okonzeka kulumikizana. M'ndege yodzaza, oyambawo angakhale a munthu wa mzere wakutsogolo. N'chifukwa chake nzeru ndi kuzidziwanitsa ziwirizi muli kunyumba. Zikadziwana kamodzi zimakumbukirana, ndipo m'ndege mumangoziyatsa basi.

Yambani mwayang'ana ngati kachipangizoko kali ndi kaswichi kolembedwa TX ndi RX. TX ndi kutumiza, RX ndi kulandira. Inu mukufuna TX. Kakakhala pa RX kamadikira kuti foni ikatumizire nyimbo, mahedifoni nawonso akudikira, ndiye mumakhala ndi olandira awiri popanda wotumiza. Kenako zimitsani Bluetooth ya foni yanu kwa kanthawi. Mukapanda kutero, mahedifoni amathamangira kwa foni imene anaizolowera n'kusiya kusaka. Ambiri amene amati thiransimita yawo ndi yakufa amagwa pamenepa. Mukatero ikani mahedifoni pa kusaka. Ambiri mumadina batani loyatsira osalisiya mpaka kagetsi kayambe kuthwanima mofulumira. AirPods zokhala ndi batani kumbuyo kwa kabokosi mumazisiya m'kabokosimo chivundikiro chili chotsegula, n'kudina batanilo mpaka kagetsi kathwanime koyera. Chitaninso chimodzimodzi ndi thiransimita, muziyandikizitse, mudikire. Kagetsi kakasiya kuthwanima mofulumira, zagwirana.

Voliyumu nayo ili ndi fizikisi yake. Tsopano muli ndi malo awiri okwezera mawu, pa sikirini ndi pa mahedifoni. Mukatsitsa kwambiri ya pa sikirini n'kukweza ya mahedifoni, mumamva kaphokoso ka sss kumbuyo, chifukwa voteji ya mawu yachepa mpaka kuyandikira kaphokoso kamene dera lililonse la magetsi limakhala nako, ndipo mahedifoni akukweza zonse pamodzi. Mukakweza ya pa sikirini mpaka kumapeto, votejiyo ingapose malire amene thiransimita imatha kuyeza. Nsonga za mafunde zimadulidwa, ndipo mawu amasasa pa malo aphokoso a filimu. Kutsitsa voliyumu ya mahedifoni sikuchotsa kusasako, chifukwa kwalembedwa kale m'manambala. Choncho ikani ya pa sikirini chapakati, musinthe pang'onopang'ono kuchokera pamenepo. Ndipo musakweze mopitirira, chifukwa zolengeza za ogwira ntchito m'ndege zimaimitsa filimu n'kudutsa m'kabowo komweko.

Batire ikatha pakati pa ulendo, mipando yambiri ili ndi bowo la USB lotchajira. Koma mukatchaja thiransimita pa mpando womwewo pulagi ili chilowere, nthawi zina mumamva kulira kosalekeza ngati udzudzu. Chimene chachitika n'chakuti kachipangizoko tsopano kalumikizidwa ku magetsi a mpando kudzera njira ziwiri, tsinde la pulagi lija ndi waya wa chaja. Njira ziwirizi zapanga dera lotseka, timagetsi tosafunika tikuzungulira m'menemo n'kusakanikirana ndi mawu. Kuti mutsimikize, zulani waya wa chaja. Kulira kukasiya nthawi yomweyo, mwapeza gwero. Kutchaja ndi pawabanki kumathetsa vutoli chifukwa pawabanki siyolumikizidwa ku mpando.

Za malamulo, makampani ambiri a ndege amalola Bluetooth bola foni ikhale pa airplane mode, koma ena amafuna kuti izimitsidwe ponyamuka ndi potera. Zimene anena ogwira ntchito m'ndegemo ndi zimene zimatsatidwa. Ndege zina zatsopano zili ndi Bluetooth m'sikirini mwenimweni, ndipo pamenepo thiransimita siifunika.

Yezani nokha kuchedwaku

Simukufunika tikiti ya ndege kuti muone zonsezi. Ngati kalabu yanu ya sayansi ingabwereke thiransimita, pezaninso foni kapena kompyuta yokhala ndi kabowo ka mahedifoni, kawaya kogawa bowo limodzi kukhala awiri, sipika ya waya imodzi ndi sipika ya Bluetooth imodzi. Jambulani kaye mawu a munthu akuomba m'manja kamodzikamodzi, kusiya masekondi awiri pakati. Lowetsani kawaya kogawa kaja m'kabowo, bowo lina mulumikize sipika ya waya, linalo thiransimita imene yagwirana ndi sipika ya Bluetooth. Mukaimba zimene munajambula zija, kuomba kulikonse kumveka kawiri: pha, pha. Koyamba ndi kwa waya, kachiwiri ndi kwa Bluetooth.

Tsopano tengani foni ina mujambule zimene zikumvekazo, n'kutsegula fayiloyo pa kompyuta mu Audacity, pulogalamu yaulere imene imaonetsa mawu ngati mafunde. Kuomba kulikonse kuoneka ngati nsonga ziwiri zoyandikana. Kulitsani chithunzicho, muwerenge nthawi imene nsonga iliyonse yayambira. Tiyerekeze kuti yoyamba ili pa 2.310 s, yachiwiri pa 2.495 s. Kusiyana kwake ndi 0.185 s, ndiko kuti mamilisekondi 185. Yezani kuomba kasanu mupeze nambala yapakatikati, kenako musinthe sipika ya Bluetooth muike ya mtundu wina, muone ngati thanki yake ndi yofanana ndi yoyamba ija.

Chenjezo limodzi poyeza: foni yojambulira ikhale pa mtunda wofanana kuchokera ku masipika onse awiri. Mawu amatha pafupifupi mamilisekondi atatu kuti ayende mita imodzi, choncho sipika imodzi ikatalikira ndi mamita awiri kuposa inzake, mwawonjezera kapena kuchotsa mamilisekondi asanu ndi limodzi pa yankho lanu. Pa 185 cholakwika chimenechi n'chochepa, koma mukadzapeza zipangizo ziwiri zodziwa aptX Low Latency, pamene yankho lili pafupi ndi 40, chimakhala choposa gawo limodzi mwa magawo khumi a muyezo wonse.